Anatumiza mapaundi, kunafika makwacha operewera: zina zinatsalira kuti?

Uthenga wa ku banki ukalowa pa foni wonena kuti ndalama zafika, munthu amawerenga nambala ya pa uthengawo n'kuiyerekeza ndi ina imene wakhala nayo m'mutu chimuuzireni m'bale wake kuti watumiza. Kawirikawiri nambala ziwirizi sizigwirizana, ndipo yoperewera imakhala ya pa foni. Nthawi zina uthengawo subwera n'komwe. Sabata imatha, yachiwiri n'kudutsa, kenaka wotumiza uja n'kuimba foni kuti ndalama zabwerera kwa iye, koma zabwerera zitaduka.

Nkhani zotere zadanitsa abale. Mwana amene ali ku Joni kapena ku Mangalande amayamba kukayikira mlongo wake amene amakatapa ndalama kuti mwina akugawa panjira. Mayi kumudzi amaganiza kuti mwana wawo anawonjezera nambala pouza iwo. Onse akagwirizana, mlandu amauponya kwa wogwira ntchito wa pa kauntala ya banki, amene mwina ndalamazo sanazikhudze n'komwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama yochoka kunja kudzera m'mabanki imasiya mapazi paliponse pamene yaponda, ndipo mapaziwo amawerengeka. Amene akudziwa kuwawerenga amatha kuloza kuti apa panadulidwa zingati, anadula ndani, ndipo ulendo wina achite chiyani.

Akaunti ya kwacha sisunga dola

Akaunti iliyonse ya ku banki imatsegulidwa mu mtundu umodzi wa ndalama. Ambiri a ife maakaunti athu ndi a kwacha. Dola, paundi kapena randi singalowe mu akaunti yotere momwe ilili. Ikafika, banki imaigula, dolayo n'kukhala ya banki, inu n'kukulemberani makwacha. Kutumizira ndalama zakunja ku akaunti ya kwacha ndiye kuti mwavomereza kale kuigulitsa ndalamayo kwa banki yanu, pa mtengo wa banki, tsiku limene bankiyo idzaigwire. Palibe amene adzakuimbireni foni kukufunsani ngati mwakhutira ndi reti, makamaka ndalamazo zikakhala zochepa.

Komanso dolayo sibwera ku Malawi kuno ngati katundu. Banki za kuno zili ndi maakaunti awoawo m'mabanki akuluakulu akunja: ya dola ku banki ina, ya paundi ku ina, ya randi ku South Africa. Mwana wanu akatumiza ndalama, banki yake imalipira mu akaunti yakunja ija ya banki yanu, n'kutumiza uthenga wonena kuti ndalama izi ndi za uje, akaunti nambala yakuti. Uthengawo umadutsa pa njira ya SWIFT, bungwe limene likulu lake lili ku Belgium. SWIFT sinyamula ndalama, imanyamula mauthenga okha. Ngati banki ya wotumiza ilibe ubale wachindunji ndi banki imene imasunga ndalama za banki yanu, pakati pamalowa banki yachitatu, mwinanso yachinayi, ndipo iliyonse imafuna malipiro ake.

Reti imene munaona si imene munagulitsira

Pa bolodi ya mu banki kapena pa tsamba lake la pa intaneti, dola imakhala ndi mitengo iwiri. Pali `Buying` ndi `Selling`. Mawu awiriwa amalembedwa poyang'anira mbali ya banki, osati yanu. `Buying` ndi mtengo umene banki ikugulira dola kwa inu, ndipo ndi wotsikawo. `Selling` ndi umene ikukugulitsirani, ndipo ndi wokwerawo. Zili ngati venda wa chimanga amene amagula chigoba motsika m'mawa n'kudzagulitsa chigoba chomwecho mokwera madzulo: phindu lake lili pakatipo. Wolandira ndalama zakunja ndi wogulitsa, choncho wake ndi mtengo wotsika uja.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa ndi nkhani za pa wailesi. Zikamanenedwa kuti dola ili pa K1,751, monga zinakhalira kuyambira mu Malichi 2024, umenewo ndi mtengo wogulitsira. Reti imene mumaipeza mukafufuza pa foni nayo ndi ina, ya pakati pa iwiri ija, ndipo palibe banki imene imagula kapena kugulitsa kwa munthu wamba pa mtengo wa pakatiwo. Mabanki ena amasiyanitsanso mtengo wa ndalama zamapepala zimene mwabwera nazo m'thumba ndi wa ndalama zobwera pa waya, umene pa bolodi umalembedwa `TT Buying`. Wa ndalama zotumizidwa mu akaunti ndi umenewu.

Koma kuno kwathu pali reti ina imene imaswa mitima kuposa zonsezi, ya pa msika wa mseri, umene aliyense amautchula bulaki maketi. Mu 2025 dola ya kumeneko inadutsa K4,000 pamene ya ku banki inali idakali pa K1,751. Mayi amene wamva pa minibasi kuti dola ikupita pa K4,000, mwana wake n'kumutumizira madola 1,000, amayembekezera mamiliyoni anayi. Banki imamupatsa ndalama zosafika theka la zimenezo. Kwa mayiyu kumeneku ndi kuba kwa masana. Ndipo ululu wake ndi woona, chifukwa simenti, malata ndi feteleza amene akufuna kugula mitengo yake nthawi zambiri imatsatira dola ya mseri ija, popeza ochita malonda ambiri amaipeza kumeneko.

Komabe pano banki sinalakwitse masamu. Lamulo limalola kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja kudzera kwa okhawo amene ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, ndipo iwo sangagule pa mtengo wa mumsewu. Kusiyana kwa mareti awiriwa ndi vuto la dziko lonse, lobwera chifukwa timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsako, ndipo silingathetsedwe pa kauntala. Ena amazemba popereka ndalama kwa munthu kunjako kuti mnzake wa kuno apereke makwacha pa reti yokwera. Njira imeneyi ndi yoletsedwa, ndipo tsiku limene munthuyo adzazimitse foni, simudzakhala ndi risiti kapena ofesi yokadandaulako. Ine ndimamvetsa chimene chimakankhira anthu kumeneko, koma sindingalangize munthu kuika ndalama za sukulu ya ana m'manja mwa munthu amene amangomudziwira pa gulu la pa foni.

Titsatire mapaundi 1,000

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchiyenda phazi ndi phazi. Manambala a malipiro ndi mareti ali m'munsimu ndi ongoyerekeza, koma kayendedwe kake ndi kamene kamachitikadi.

Namwino wina amene akugwira ntchito ku Britain akutumiza mapaundi 1,000 kwa mayi ake ku Mzuzu, ku akaunti yawo ya kwacha. Tsikulo paundi imodzi pa msika wa mabanki ikufanana ndi madola 1.30, ndipo reti ya pakati ya dola ndi K1,734. Mchimwene wake wa namwinoyu wawerengetsa pa foni n'kuuza mayi kuti ayembekezere K2,254,200. Patatha masiku atatu, mu akaunti mwalowa K2,114,080. Pasowa K140,120.

Mayiwo apita ku banki atakwiya. "Mwanawanga, ndalama zanga mwapita nazo kuti?" Mtsikana wa pa kauntala ayankha zimene akuona pa kompyuta: "Mayi, kwa ife kwafika madola 1,240." Mayiwo adabwa, chifukwa mwana wawo sanatumize madola. Anatumiza mapaundi.

Chinachitika n'chiyani? Namwino uja podzaza fomu pa foni yake, banki yake inamuonetsa dola ngati ndalama yotumizira ku Malawi, iye n'kungovomera. Banki ya ku Britain ija inasintha mapaundi kukhala madola pa reti yake ya 1.26, osati 1.30. M'malo mwa madola 1,300 panatuluka 1,260. Madola 40 anathera pomwepo, ndalama isanachoke n'komwe ku Britain, ndipo sanalembedwe paliponse ngati malipiro chifukwa anabisika mu reti. Pa makwacha, imeneyi ndi K69,360, pafupifupi theka la ndalama yonse yosowa ija.

Popeza tsopano anali madola, anadutsira ku banki ya pakati ya ku America, imene inadulapo madola 20 a ntchito yake. Imeneyo ndi K34,680. Kunatsala madola 1,240 aja. Banki ya kuno inawagula pa K1,717 dola imodzi, osati pa K1,734, ndipo kusiyana kwa K17 pa dola iliyonse kunadya K21,080. Pomaliza inadula K15,000 yolandirira ndalama zochokera kunja. Mukaphatikiza zinayizi, mupeza K140,120 ija ndendende.

Onani tsopano pamene pali phunziro. Banki ya kuno, imene mayi aja anaikalipira, inatenga K36,080, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zotsalazo zinapita ndalama isanafike m'manja mwake. Ndipo chachikulu mwa zonse chinali chopeweka: ndalamayi inasinthidwa kawiri, kuchoka ku paundi kupita ku dola, kenaka ku kwacha. Banki ya mayiwo ikanakhala kuti inafunsidwa, ikanapereka malangizo otumizira mapaundi mwachindunji, popeza mabanki akuluakulu a kuno amalandira dola, paundi, yuro ndi randi. Tiyerekeze kuti banki ya pakati ikanadula mapaundi 15, ndipo ya kuno n'kugula paundi pa K2,232. Mayiwo akanalandira K2,183,520, kuposa zija ndi K69,440. Ndalama imeneyi inatayika chifukwa cha kabokosi kamodzi ka pa fomu.

Lamulo lake ndi losavuta: ndalama isinthidwe kamodzi kokha. Wotumiza randi atumize randi, wa paundi atumize paundi, bola banki yolandira itsimikize kuti imalandira ndalama ya mtunduwo ndipo ipereke dzina la banki yake ya pakati ya ndalama imeneyo. Ngati wotumiza ali m'dziko limene ndalama yake banki yanu silandira, kusintha kawiri sikungapeweke, koma iye akhoza kufunsa reti asanavomere.

Pa fomu yomweyo pali kabokosi kena konena amene alipire zolipira za panjira. `SHA` ndiye kuti wotumiza walipira banki yake, zina zonse zidulidwe pa ndalamayo. `BEN` ndiye kuti zonse zidulidwe pa ndalama ya wolandira. `OUR` ndiye kuti wotumiza walipiriratu zonse. Ngati ndalama ikuyenera kufika yathunthu, monga fizi ya sukulu kapena malipiro a katundu, `OUR` ndiye woyenera, ngakhale kuti ndi wodula kwa wotumiza, ndipo pa madola odutsira ku America zimachitikabe nthawi zina kuti banki ya pakati n'kudulapo. Palibe mwa zitatuzi chimene chimakhudza reti.

Tsiku limene banki yagwira ndalama

Reti imene imagwira ntchito si ya tsiku limene ndalama yatumizidwa, koma ya tsiku limene banki ya kuno yaisintha. Pakati pake pamadutsa masiku awiri, atatu, mwinanso asanu, ndipo Loweruka, Lamulungu ndi maholide a mayiko onse amene ndalamayo ikudutsa sawerengedwa. Reti ikakhala itaima, kusiyana kwa masiku sikumveka. Koma kwacha yathu imagwa modzidzimutsa. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Anthu awiri amene anatumiziridwa madola 1,000 sabata imeneyo, wina ndalama yake n'kusinthidwa kusinthako kusanachitike, wina kutachitika, anasiyana ndi ndalama yoposa theka la miliyoni.

Amene anatsala m'mbuyo uja sakanatha kubwerera ku banki kukanena kuti bwezani madola anga. Banki ikagula, yagula. Kuti mupezenso madolawo muyenera kuwagula ngati wina aliyense, pa mtengo wokwera uja, ndi zikalata zosonyeza chimene mukufunira, n'kudikira pa mzere wa foreksi umene m'zaka zaposachedwa wakhala wautali. Chifukwa chake munthu amene amalandira ndalama zakunja pafupipafupi, monga wogulitsa katundu kunja kapena wogwira ntchito yolipidwa kuchokera kunja, ndi bwino afunse za akaunti yosunga ndalama zakunja, imene mabanki amailemba kuti `FCDA`. Dola ikalowa mu akaunti imeneyi imakhalabe dola. Koma nayo ili ndi malire ake. Mu 2021 Reserve Bank inalamula kuti ogulitsa katundu kunja azisintha 30 peresenti ya ndalama zawo kukhala makwacha, ndipo malamulo otere akhala akusinthidwa kangapo kuchokera nthawi imeneyo. Funsani banki kuti lero lamulo likuti chiyani kwa munthu wa mtundu wanu. Ndipo mukatsegula akauntiyo, onetsetsani kuti wotumiza wafufuta nambala yakale ya akaunti ya kwacha imene anaisunga pa foni yake. Anthu ambiri a maakaunti awiri amagwa pamenepa.

Ndalama ikakanidwa

Kusinthidwa pa reti yoipa kumapweteka, koma kubwezedwa kwa ndalama kumapweteka kwambiri, chifukwa mumalipira ulendo wopita ndi wobwerera popanda cholandira.

Chifukwa chofala kwambiri ndi dzina. Banki imayerekeza dzina la pa uthenga ndi dzina la pa akaunti. Kwathu kuno munthu mmodzi amakhala ndi mayina angapo: la kwa makolo, la kwa mwamuna, la mfunda, la ku tchalitchi. Mwana amalemba dzina limene wakhala akumva anthu akuitanira mayi ake, pamene akaunti inatsegulidwa ndi dzina la pa chiphaso cha unzika. Zimachitikanso kuti kasitomala wakunja amalemba dzina la bizinesi pamene akaunti ndi ya mwiniwake payekha. Kwa banki, amenewa ndi anthu awiri osiyana. Pambuyo pa dzina pamabwera nambala ya akaunti yolakwika, ndi nambala ya SWIFT ya banki ina. Nambala ya SWIFT imakhala ya zilembo 8 kapena 11, ndipo ya banki ya kuno imakhala ndi `MW` pa chilembo chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi. Mafomu a ku Ulaya amakonda kufunsa `IBAN`, koma Malawi sagwiritsa ntchito `IBAN`, choncho wotumiza asapeke nambala kuti adzaze mpatawo. Alembe nambala ya akaunti momwe ilili.

Zifukwa zina zili mbali ya wolandira. Akaunti imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito banki imaigoneka, ndipo ina imakhala itatsekedwa mwiniwake osadziwa. Ina imaimitsidwa chifukwa mwiniwake sanapite kukakonzanso mbiri yake pamene banki inapempha chiphaso chatsopano. Ndiye pali funso limene ambiri limawakwiyitsa: ndalamazi zachokera kwa ndani, ndipo ndi zachiyani? Wofunsayo sakukukayikirani inu panokha. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limakakamiza mabanki kudziwa makasitomala awo ndi gwero la ndalama zawo, komanso kudziwitsa bungwe la Financial Intelligence Authority akaona zokayikitsa. Akaunti imene imalandira K200,000 pa mwezi ikalandira mwadzidzidzi madola 15,000, banki idzafunsa. Yankho lake ndi pepala: invoisi ngati ndi malonda, kalata ya mgwirizano ngati ndi ntchito, kalata ya wotumiza ngati ndi thandizo la pabanja.

Chofunika kudziwa n'chakuti banki nthawi zambiri sibweza ndalama tsiku lomwelo. Imayamba yaisunga pambali kwa masiku angapo, ikufunsa banki ya wotumiza kapena kuyesa kukupezani pa nambala ya foni imene munalembetsa. Ngati nambalayo munaisiya kalekale, masikuwo amatha inu osadziwa. M'masiku amenewa vuto limakonzeka motchipa. Wotumiza amapita ku banki yake kukapempha kuti itumize uthenga wokonza dzina kapena nambala. Wolandira sangakonze yekha uthenga umene sanalembe, ngakhale atabwera ndi mboni khumi, koma akhoza kupempha banki yake kuti idikire pamene kukonzako kukubwera.

Tibwerere kwa namwino uja, tiyerekeze kuti analemba dzina lolakwika ndipo palibe anachitapo kanthu. Madola 1,240 aja abwerera njira yomwe anadzera. Mabanki a panjira adulaponso, tinene madola 40 onse pamodzi, kutsala 1,200. Akaunti ya namwinoyo ndi ya paundi, choncho vuto lomwe lija lamupeza iyenso: banki yake isintha madolawo kukhala mapaundi, ulendo uno pa reti ya mbali inayo, tinene 1.34. Alandira mapaundi pafupifupi 896. Wataya mapaundi oposa 100, masabata awiri kapena atatu apita, ndipo mayi ake sanalandire ngakhale tambala. Uthenga wokonza dzina ukanamudyera ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi imeneyi.

Pepala limene limathetsa mkangano

Ndalama ikachedwa kapena ikafika yoperewera, musayambe ndi kukangana. Yambani ndi kupeza chikalata cha uthenga wa SWIFT. Mabanki akhala akuchitchula `MT103`, ndipo ngakhale kuti kuyambira mu Novembala 2025 mauthenga a pakati pa mabanki anasamukira ku mtundu watsopano wotchedwa `pacs.008`, mukanena `MT103` adzakumvani. Wotumiza apemphe chake ku banki yake. Chithunzi cha pa foni chonena kuti ndalama zatumizidwa sichokwanira. Inunso pemphani banki yanu ikuonetseni uthenga umene inalandira. Pa chitsanzo chathu chija, mizere yofunika ikanaoneka chonchi:

```
:32A:250310USD1240,00
:33B:GBP1000,00
:36:1,26
:71A:SHA
:71F:USD20,00
```

Mzere wa `33B` ukunena ndalama imene wotumiza analamula, mapaundi 1,000. Wa `36` ukuonetsa reti imene inagwiritsidwa ntchito kunjako. Wa `71A` ukunena amene akulipira za panjira, wa `71F` zimene zadulidwa, ndipo wa `32A` ukupereka tsiku ndi ndalama imene inafikadi ku banki yanu. Mukakhala ndi nambala ya pa `32A`, gawani makwacha amene banki inakulemberani, isanadule malipiro ake, ndi nambala imeneyo. Yankho lake ndi reti imene inakugulirani. Iyerekezeni ndi `TT Buying` ya bankiyo ya tsiku limenelo. Zikafanana, banki yanu yachita zimene imachitira aliyense. Zikasiyana kwambiri, muli ndi dandaulo lenileni.

Pa chikalatacho pamakhalanso nambala yaitali ya zilembo 36 yotchedwa `UETR`. Kuyambira mu 2018 uthenga uliwonse wotere umakhala nayo, ndipo sisintha kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Ndi nambala imeneyi banki imatha kufufuza pamene ndalama yaima. Ngati yabwezedwa, funsani chifukwa chimene chinalembedwa. Chimabwera ngati kodi: `AC01` ndi nambala ya akaunti yolakwika, `AC04` ndi akaunti yotsekedwa, `BE01` ndi dzina losagwirizana ndi mwini akaunti. Musalole kuti ndalama itumizidwenso musanadziwe chifukwacho, chifukwa idzabwereranso.

Chenjezo limodzi lokha apa. Banki imadula malipiro ake pa ndalama kapena mu akaunti. Munthu akakuimbirani kuti ndalama zanu zakunja zagwidwa ndipo mutumize kaye zakuti pa nambala ya foni kuti zimasulidwe, ameneyo ndi wakuba.

Kwa ndalama zazing'ono za pabanja, njira ya SWIFT nthawi zambiri si yoyenera n'komwe, chifukwa madola 20 odulidwa pa madola 150 ndi chilonda chachikulu. Makampani otumiza ndalama monga Mukuru ndi Western Union amamuonetsa wotumiza makwacha amene wolandira apeze asanalipire, choncho kudabwa kumachepa. Nawonso amapeza phindu pa reti, motero poyerekeza njira musayang'ane malipiro okha. Funso ndi limodzi: pa randi 2,000 zanga zonse, kumudzi kufika makwacha angati? Ngati ndalamayo ikupita ku Airtel Money kapena Mpamba, kumbukirani kuti maakaunti a pa foni ali ndi malire a ndalama zimene angasunge, ndipo yopitirira malirewo ikhoza kukanidwa.

Ngati mwawerengetsa ndipo mwapeza kuti banki yanu inagwiritsa ntchito reti yosiyana ndi imene inalengeza, kapena inadula zimene sizili pa mndandanda wa malipiro ake, lembani kalata ya dandaulo, muikepo sitetimenti ndi chikalata cha SWIFT, ndipo musunge kope yodindidwa. Banki ikapanda kuyankha kapena yankho likapanda kumveka, dandaulolo litengereni ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse ndipo imalandira madandaulo a makasitomala awo.

Mabanki athu nawo ali ndi mbali yawo. Uthenga wa pa foni wongonena makwacha amene alowa, osanena madola amene anafika, reti ndi zimene zadulidwa, umasiya kasitomala mu mdima ndipo umabala kukayikirana kumene kukanapeweka ndi mizere iwiri yowonjezera. Kasitomala sayenera kuchita kupempha kuti adziwe mtengo umene wagulitsira ndalama yake.

Inu amene mukuyembekezera ndalama mwezi uno, pitani ku nthambi ya banki yanu wotumizayo asanadzaze fomu. Tsimikizani kuti akaunti ikugwira ntchito ndiponso kuti nambala ya foni imene ali nayo ndi yanu ya lero. Pemphani akulembereni dzina lanu momwe lilili pa akaunti, nambala ya akaunti, nambala ya SWIFT, ndi banki ya pakati ya ndalama imene ikubwerayo. Jambulani pepalalo, mulitumize kwa m'bale wanuyo, ndipo mumuuze kuti akopere chilembo ndi chilembo.